Kalata yofunsira ntchito: mawu obwereka aja akutithandiza kapena akutibisa?

Chikondi: Akuluakulu, ndithandizeni. Bungwe lina ku Blantyre likufuna kalaliki wa ku sitolo ndipo akutseka Lachisanu. Kalata ndalemba, koma msuweni wanga ataiwerenga wati sakundipezamo ine. Ndime yoyamba ili chonchi:

"With reference to the above captioned subject, I humbly beg to submit my application for the aforementioned post in your esteemed organisation. I am a hardworking, dynamic and result-oriented young lady aged 27 years."

Ndipo ndamaliza ndi "I shall be very grateful if my application meets your favourable consideration." Galamala ndayang'ana, sindikuona polakwika. Vuto lili pati?

Tadala: Asisi, galamala ilibe vuto, koma yatalika. Dulani zonse. Masiku ano chiganizo chisamapitirire mawu khumi. Azungu eni chilankhulo salemba chonchi.

Yamikani: Ine ndili ndi sivi yokonzakonza ya masamba awiri, ili ndi malo a chithunzi. Ndikutumizireni mungosinthamo dzina?

Chikondi: Zikomo achimwene, sivi ndili nayo kale. Ndikunena kalata yoperekeza ija.

Mayi Mbewe: Chikondi, ine ndimagwira ntchito ku ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo makalata otere amadutsa m'manja mwanga mulu ndi mulu. Msuweni wanuyo wanena zoona. Tawerengani ndimeyo. Muli mawu 34, ndipo chimene ndadziwa za inu n'chakuti muli ndi zaka 27, zomwe zili kale pa sivi. Ngakhale dzina la ntchito imene mukufuna simunalitchule, mwangoti "aforementioned post". Tikalengeza malo atatu tsiku limodzi, ine ndiyenera kubwerera pamutu pa kalata kuti ndidziwe mulu woiikapo.

Chiganizo chilichonse muchifunse funso limodzi: kodi munthu wina wofunsira ntchito yomweyi angachikopere osasintha kanthu? Ngati angathe, chiganizocho si chanu, ndipo sichikukugwirirani ntchito. "Hardworking, dynamic and result-oriented" amalemba aliyense, waulesi ndi wakhama yemwe. Maso anga akafika pamenepo amangolumpha, osati chifukwa cha nkhanza ayi, koma palibe chimene ndingagwiritse ntchito posankha.

Tandiuzani m'Chichewa momwemu, ngati tikucheza pakhonde. Munagwirapo kuti, ndipo tsiku lanu limayenda bwanji?

Chikondi: Ndinagwira zaka ziwiri pa shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe. Katundu akabwera, simenti, malata, penti, ndine ndimalandira n'kuyerekeza ndi pepala limene dalaivala wabwera nalo. Kumapeto kwa mwezi ndimawerenga sitoko yonse. Panali nthawi simenti imangoperewera, pepala likuti matumba 200 koma mwezi ukatha mawerengero osagwirizana. Ndinayamba kuima pa lole pomwepo, kuwerenga thumba lililonse ndisanasaine, vuto linatha. Ndinachotsanso sitoko m'buku lija la chikuto cholimba n'kuiika mu Excel.

Mayi Mbewe: Eya! Kalata yanu ndi imeneyotu. Nanga zonsezi zili pati m'kalata munalemba ija?

Chikondi: Zili m'ndime yachiwiri, koma ndinazilemba chonchi: "Having been entrusted with the responsibility of the management of stock, your organisation will benefit from my vast experience."

Mayi Mbewe: Apa ndiye pali zinthu ziwiri, ndipo ndizitenge pang'onopang'ono chifukwa ambiri timagwera pomwepa.

Choyamba, nkhani ya simenti yasowa. Zimene munachita ndi manja anu, kulandira, kuyerekeza, kuwerenga, kukana kusaina, zonse zamezedwa ndi mayina atatu olemera, "responsibility", "management", "experience". Pamene mumandiuza m'Chichewa munagwiritsa ntchito aneni okhaokha, ndipo ndimakuonani mutaima pa lole. Mutalowa m'Chingerezi mwasandutsa aneni aja kukhala mayina, ndipo munthu wochitayo wachoka. Ndiye poyambira ndi pamenepo: mukaona mawu othera ndi -ment, -tion kapena -ity atatsatana ndi "of", funsani kuti anachita ndani, anachita chiyani. Mupeza mneni wabisala mkatimo. "The management of stock" amabwerera kukhala "I kept the stock records".

Chachiwiri, munati galamala ilibe vuto, koma apa ilipo. Chiganizo chikayamba ndi "Having been entrusted", amene akubwera pambuyo pa mpumiro ndiye mwini wa mawu amenewo. Inu mwaikapo "your organisation". Ndiye chiganizo chanu chikunena kuti bungwe lawolo ndi limene linapatsidwa udindo wosunga sitoko, osati inu. Simunalakwe chifukwa chosadziwa Chingerezi. Munatenga theka la chiganizo kwina, theka lina kwina, n'kulumikiza. Mukanayamba ndi "I" simukanagwa m'dzenje limeneli.

Ine ndikanalemba chonchi, kuchokera pa zimene mwanena nokha:

"I am applying for the post of Stores Clerk. For two years I kept the stock records at a hardware shop in Limbe. I received deliveries, checked them against the delivery notes and counted the stock at the end of every month. When cement kept running short, I began counting the bags before signing, and the shortages stopped."

Palibe liwu limodzi pamenepa limene simukulidziwa. Ndipo sindinalembe kuti ndinu wakhama kapena wokhulupirika, koma wowerenga afika yekha pa mfundo imeneyo. Za Excel muike m'ndime yotsatira, makamaka ngati chilengezo chawo chatchula kompyuta.

Aphunzitsi Gondwe: Mayi Mbewe, ndawerenga mwachifatse ndipo za mneni zija ndikugwirizana nazo. Koma ndiloleni ndiwaikire kumbuyo mawu akalewa pang'ono. Ine ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka kupuma, ndipo ena mwa mawu amenewa ndinawalemba pa bolodi ndi dzanja langa. Sitinkachita mwaumbuli. Mwana wa kumudzi ankayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi ali Sitandade 5, kunyumba osachimva, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona. Mwana wotere ukamupatsa chiyambi ndi mathero a kalata oti aloweze, wamupatsa pogwira. Akalowa m'mayeso sanjenjemera ndi pepala loyera.

Komanso pali ulemu. Mtsikana wa zaka 27 akulembera anthu amene sanawaonepo, ena a msinkhu wa bambo ake. Kungoyamba ndi "I am applying" kwa ine kukumveka ngati munthu walowa m'nyumba osaodira.

Tadala: Koma aphunzitsi, ulemu umenewo ndi wa nthawi ya atsamunda. Munthu kupempha ntchito mpaka kuti "beg"? Ine imelo zanga ndimangolunjika. Dzana ndalembera ofesi ina kuti "Send me the interview results." Basi, mawu asanu.

Mayi Mbewe: Ayi Tadala, pamenepo mwapitirira. Imelo imeneyo ikanafika pa tebulo langa ndikanaimva ngati lamulo. Kulemba zomveka si kulemba mwamwano, ndipo lamulo lanu la mawu khumi lija silithandiza. Taonani chiganizo chachitatu m'kalata ndakonza ija, chili ndi mawu pafupifupi makumi awiri, koma chikuyenda bwino chifukwa wochita ndi mmodzi ndipo ntchito zitatu zikutsatana monga zimachitikira. Ziganizo zonse zikakhala zazifupi kalata imadukaduka ngati telegalamu.

Aphunzitsi, za ulemu ndikumva, ndipo ndi nkhani yeniyeni. Ife ulemu wathu uli m'kati mwa chilankhulo. Ndikati "inu", ndikati "abwera" ponena munthu mmodzi, ndalemekeza kale osawonjezera liwu. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa mfumu yemwe. Ndiye tikamalemba timamva kuti chiganizo chili maliseche, n'kuyamba kuchiveka "humbly", "esteemed", "kindly". Mtima wake ndi wabwino. Koma eni chilankhulo ulemu amauika pena. Amasandutsa lamulo kukhala funso, amathokoza kamodzi, amalemba dzina la munthu ndi udindo wake molondola. Tadala akanalemba "Could you please let me know when the results will be out?" ulemu wakwana, ndipo palibe mawu obwereka.

Aphunzitsi Gondwe: Funso limenelo ndalilandira, ndi Chingerezi chabwino. Koma musaiwale kuti wowerenga kalata ya Chikondi si Mngerezi. Ndi Mmalawi amene anaphunzitsidwa ndi anthu ngati ine. M'boma makalata amayendabe ndi mutu wolembedwa ndi zilembo zazikulu, ena amadzera kwa mkulu wa pamalo asanafike kumene akupita, ndipo pali akuluakulu amene akaona kalata yopanda mawu aulemu aja amati mwanayu sanaleredwe.

Mayi Mbewe: Alipo, sindikana. N'chifukwa chake ine sindinena kuti tigwetse nyumba yonse. Adiresi, tsiku, mutu wa kalata, "Dear Sir/Madam" ndi "Yours faithfully" zikhale pomwepo. Mukalemba dzina la munthu pamwamba, mutseke ndi "Yours sincerely". Amenewo ndi malamulo a kalata, aliyense amawayembekezera ndipo satenga malo a nkhani yanu. Chimene ndikudandaula ndi pamene mawu oloweza alowa m'kati mwa kalata n'kukhala pamalo pamene panayenera kukhala simenti ija.

Mphatso: Ndilowererepo ndi yanga, ngakhale si kalata ya ntchito. Ine ndine namwino, ndikukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti ndikalembetse ku Britain. Bungwe la anamwino kumeneko, NMC, limafuna 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndipo pa kulemba amalola 6.5. Ambiri timakakamira pa kulemba pomwepo. Pa gawo lachiwiri umalemba chimangirizo cha mawu osachepera 250 m'mphindi ngati 40, ndiye anzanga amagawana mapepala a ziganizo zoti uloweze. "In this day and age, it is an irrefutable fact that" ndi zina zotero. Akuti ukayamba chonchi woyesa amaona kuti uli ndi mawu ambiri. Ndiye Mayi Mbewe, pamenepa si ndiye kuti mawu akuluakulu amalipira? Pajatu gawo limodzi mwa magawo anayi amene amachongera ndi la kuchuluka kwa mawu amene ukudziwa.

Limbani: Asisi Mphatso, ine ndinalemba mayeso amenewo ndisanabwere kuno ku Leeds, ndiyankheko. Gawo mukunenalo samangoyang'ana kuchuluka kwa mawu. Amayang'ananso ngati liwulo lakhala pamalo pake, ndiponso ngati likuyenda ndi anzake amene limayenda nawo. Ndipo oyesa amaphunzitsidwa kuzindikira zoloweza. Chimawaululira ndi msoko. Chiganizo choyamba chimakhala chosalala ngati cha pulofesa, chachiwiri, chimene walemba wekha, chikusowa "the", mneni sakugwirizana ndi mwininkhani. Woyesa akaona kusiyana kumeneko amadziwa kuti Chingerezi chako chenicheni ndi chachiwiricho, ndipo amachonga chimenecho. Choyambacho changokudyera mphindi.

Palinso china. "Irrefutable fact" ndiye kuti mfundo yosatsutsika. Koma funso la chimangirizo nthawi zambiri limakhala loti anthu ena akuti chakuti, ena akuti chakuti, inu mukuti bwanji. Ukayamba ndi kunena kuti nkhaniyo ndi yosatsutsika, kenako n'kuyamba kufotokoza mbali ziwiri, wadzitsutsa wekha pa mzere woyamba. Mawu oloweza sadziwa funso limene lili patsogolo pako.

Mawu ovuta ali ndi malo ake. Inu monga namwino mukalemba "dehydration" kapena "dosage" palibe angati mwabwereka, chifukwa ndi mawu a ntchito yanu ndipo mukudziwa polekezera tanthauzo lake. Liwu lalikulu limene ukulidziwa bwino ndi lako. Limene unangoliona papepala la mnzako ndi limene limakupereka.

Mphatso: Za msoko zo zandilasa. Koma kunena zoona, popanda ziganizo zimenezi ndimakhala mphindi zingapo ndisanalembe kanthu. Zimandithandiza kuyamba.

Limbani: Ndikudziwa mantha amenewo. Chimene chinandithandiza ine n'kuyamba ndi yankho. Funso likati kodi boma liziika ndalama zambiri pa kupewa matenda kapena pa kuchiza, chiganizo choyamba chinene nkhaniyo m'mawu ako, chachiwiri chinene mbali imene waima. Ukatero ndime zotsatira zimadziwa kopita. Timawu tolumikizira monga "however", "because", "for example" timeneto gwiritsani ntchito, si tokongoletsera ayi, timasonyeza mmene ganizo lina likugwirira linzake. Koma musaike "moreover" pamutu pa chiganizo chilichonse.

Yamikani: Ndiye mwachidule mukuti tizilemba kaye m'Chichewa kenako n'kumasulira? Zimenezo ine ndimachita kale.

Aphunzitsi Gondwe: Ayi mwana wanga, samalani pamenepo. Kumasulira liwu ndi liwu ndi kumene kumabala "I am asking for a place of work" ndi "borrow me your pen". Pa ichi chokha ine ndi Mayi Mbewe sitisiyana. Iwo anamufunsa Chikondi m'Chichewa kuti nkhani ituluke, kuti adziwe zimene ali nazo. Ukadziwa zoti unene, Chichewacho umachisiya pambali, n'kunena zomwezo m'Chingerezi chimene ungalankhule ndi pakamwa.

Mayi Mbewe: Ndi zomwezo aphunzitsi. Ndipo pakamwa pomwepo ndiye muyeso wabwino. Chikondi, kalata ikatha muiwerenge mokweza, muyerekeze kuti bwana wake wakhala patsogolo panu. Pamene lilime lakodwa, kapena pamene mwachita manyazi kunena, pamenepo pali mawu a eni ake. Kodi mungayang'ane munthu m'maso n'kunena kuti "aforementioned"? Chifukwa chinanso n'chakuti kalata imakutsatirani ku intavyu. Ndaonapo munthu atalemba kuti ndi "result-oriented", wina pa gulu lofunsa n'kumuuza kuti tatipatsani chitsanzo cha zotsatira zimenezo, munthu n'kungoti kakasi. Koma mukalemba za simenti, funso limene adzakufunseni ndi la simenti, ndipo limenelo mudzayankha mpaka adzakuletseni okha.

Tadala: Chabwino, za imelo ija ndamva. Koma ndikuonabe kuti tikuwanyengerera mawu akalewa. Ku Britain komweko anthu analimbana nawo kalekale. Gulu la Plain English Campaign linayamba mu 1979, ndipo anakang'amba mafomu a boma poyera ku Parliament Square chifukwa anthu wamba samawamva. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo mu 2010 loti maofesi a boma azilembera anthu zomveka. Eni ake anazitaya, ife tikuzisungabe ngati chuma.

Aphunzitsi Gondwe: Zimenezo n'zoona, koma onani amene ankadzudzulidwa. Anali maofesi olembera anthu wamba, amphamvu kulembera opanda mphamvu. Chikondi ali mbali inayo. Iye ndiye wopempha, ndipo akalakwitsa kamvekedwe wovutika ndi iye, osati bungwe. N'chifukwa chake ine mawu otsekera aja, "favourable consideration", ndikanawasiya. Savulaza munthu.

Mayi Mbewe: Kuvulaza savulaza, ndipo sindinaonepo munthu akukanidwa chifukwa cha mzere umenewo. Koma sindinaonenso wina akuitanidwa chifukwa cha iwo. Ine ndimakonda mathero amene akundiuza kanthu: "Thank you for considering my application. I am available for an interview at any time and can start immediately." Kuthokoza kulipo, ndipo ndadziwa kuti simukudikira kupereka notisi kwina. Koma lembani zimenezo pokhapokha ngati zili zoona.

Ndipo poti tafika pa mathero, chenjerani ndi mzere wina umene timaubwereka n'kuuthyola mwendo. Ambiri amalemba "I look forward to hear from you". Cholondola ndi "to hearing from you". Umu ndi mmene mawu oloweza amachitira, umawakumbukira ndi khutu, kachidutswa kamodzi n'kugwa panjira, iwe osadziwa chifukwa sunawamange wekha.

Chikondi: Ndakonza. Ndime yoyamba ndatenga ija ya Mayi Mbewe, koma "kept running short" ndasintha kukhala "was often short", chifukwa ndi mmene ndinganenere ine. Yachiwiri ndalemba ndekha: "I also moved the records from a hardcover book to Excel, so the owner could see the balance of each item on any day. I have an MSCE and a certificate in stores management." Za zaka zanga ndachotsa. Koma ndili ndi nkhawa imodzi, kalata yonse tsopano ndi theka la tsamba. Siioneka ngati ndachita ulesi?

Limbani: Kusintha mwachitako ndiye kofunika kuposa zonse, mwaika mawu amene ali m'kamwa mwanu. Ndipo "so the owner could see" yo ndi yabwino kwambiri, ikunena chifukwa chimene ntchitoyo inali yaphindu.

Mayi Mbewe: Theka la tsamba lokhala ndi nkhani si ulesi. Koma ngati mukufuna kuwonjezera, musabwerere ku afotokozi aja. Tengani chilengezo chawo, muwerenge zimene alemba kuti akufuna, chimodzichimodzi. Ngati atchula kulemba malipoti a mwezi ndi mwezi ndipo munkalemba, onjezani chiganizo chonena kuti munkalembera ndani ndipo munkaikamo chiyani. Ngati atchula chinthu chimene simunachitepo, musachiphimbe ndi "vast experience", ingochisiyani. Zaka ziwiri ndi zaka ziwiri, ndipo pa ntchito ya kalaliki n'zokwana kuzitchula mosachita manyazi.

Komanso ikani m'chiganizo choyamba kumene munaona chilengezocho ndi tsiku lake. Zimatithandiza ife osanja.

Aphunzitsi Gondwe: Kalatayi yakhala bwino, ndikuvomera, ndipo mtsikanayu akuoneka. Koma Chikondi, ukanakhala mwana wanga ndikanakuuza kuti ubwezeretse mzere umodzi wodzichepetsa kumapeto. Sukudziwa amene adzatsegule envulopu.

Chikondi: Aphunzitsi, ndiika "Thank you very much for considering my application", ndi "very much" yo kuti ulemu wanu ukhalemo. Mayi Mbewe, malipoti ndinkalembera mwini shopu Loweruka lililonse, a katundu amene watsala pang'ono kutha. Ndiwonjezere m'ndime yachiwiri kapena ndiyambe ina?

Mayi Mbewe: M'ndime yachiwiri, pambuyo pa za Excel, satifiketi ibwere pomalizira. Mukalemba mutiponyere pano tione musanatumize.